Pikapu ya dizilo kapena ka Vitz? Mkangano wa pachibale pa shopu ya ku Chinamwali

Ku Chinamwali kuno ku Zomba kuli anyamata awiri apachibale, bere limodzi, amene amayendetsa golosale yomwe anawasiyira malemu bambo awo. Maina sinditchula, tingoti wamkulu ndi wamng'ono. Atagulitsa kapuloti ka ku Matawale n'kuphatikiza ndi zomwe ankasunga, anapezeka ali ndi K20 miliyoni m'manja, ndipo onse anagwirizana kuti shopu ikufunika galimoto chifukwa zomakwezetsa katundu pa minibasi kuchokera ku Limbe zinawatopetsa, mabelo kung'ambika, mafuta ophikira kutayika, kondakitala kulipiritsa katundu mtengo womwe waganiza tsiku limenelo. Kugwirizana kunathera pompo. Wamkulu anali ataona Hilux yakale ya dizilo, singo kabu, mwini wake akufuna 18 miliyoni. Wamng'ono anali ataona ka Vitz kongobwera kumene kuchokera ku Japan, 10 miliyoni. Mitengoyi ndi ya nthawi imeneyo, pano mwina ikuseketsani, koma kusiyana kwake ndi kumene kuli nkhani.

Wamkulu ankalankhula ngati nkhani yatha kale. "Iwe, shopu imafuna galimoto ya katundu. Kako ako ndi kopitira ku tchalitchi. Ndiponso dizilo sadya mafuta, aliyense amadziwa."

"Achimwene, aliyense wake uti? Mwafunsa mtengo wa dizilo pa filing'i?"

Apa wamng'ono anali ndi mfundo. Anthu ambiri tikadali ndi maganizo akale akuti dizilo ndi wotchipa, koma kuno kwathu mitengo imene a MERA amalengeza imakhala yoyandikana kwambiri, nthawi zina dizilo ndi amene amakhala pamwamba. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anafika pa K2,530 pa lita pomwe dizilo anali K2,734. Chomwe chili choona ndi chakuti injini ya dizilo imayenda mtunda wautali pa lita mukaiyerekeza ndi injini ya petulo yofanana nayo kukula, yokoka galimoto yofanana kulemera. Koma apa sizofanana ayi. Pikapu yopanda kanthu imalemera pafupifupi tani ndi hafu, injini yake ya malita 2.5 kapena 3, pomwe ka Vitz kamalemera mozungulira tani imodzi ndipo injini yake ndi ya lita imodzi kapena 1.3. Pa msewu wa tala pikapu yakale imapanga makilomita 9 kapena 10 pa lita, kagalimoto kakang'onoko kamapanga 14 mpaka 16 malinga ndi phazi la woyendetsa. Ndiye kuchoka ku Zomba kupita ku Limbe n'kubwerera, tinene makilomita 130, pikapu imwa malita 14, ka Vitz malita 9.

Wamng'ono atawerenga zimenezo anaganiza kuti wapambana, mpaka anakauza alamu ake. Koma wamkulu sikuti ndi wogona, anangomufunsa kuti, "Malita 9 akowo abweretsa matumba angati?"

Funso limeneli ndi limene anthu ambiri ogula galimoto ya bizinesi salifunsa. Mafuta sawerengedwa pa ulendo, amawerengedwa pa katundu amene wafika pa shelefu. Pikapu ya singo kabu inapangidwira kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilo 50, ndipo kumbuyo kwake kuli masipuling'i azitsulo zosanjikiza aja komanso chasisi yoti bodi imangokhalapo pamwamba. Kagalimoto ngati Vitz, Passo, March kapena Demio kalibe chasisi yapayokha, bodi yomweyo ndiye mafupa ake, kumbuyo kuli timasipuling'i topiringiza, ndipo zonse zimene kangasenze kuphatikiza woyendetsa yemwe ndi makilo 400 kapena kuchepera. Mukachotsapo dalaivala ndi mafuta a mu thanki mwatsala ndi makilo 300 basi, matumba 6, kapena mabelo 15 a shuga poti belo ndi makilo 20. Inde mukapinda mipando malo amaoneka ambiri ndipo tonse tinaonapo timagalimoto ta ku Songani titadzaza mpaka buti kumangidwa ndi linya, koma kulowa kwa katundu si kunyamula.

Ndiye ngati mlungu uliwonse shopu ikufuna makilo 900 kuchokera ku Limbe, ka Vitz kayenda katatu, malita 27 ndi masiku atatu a munthu ali pa msewu, pomwe pikapu ipita kamodzi pa malita 14. Pamenepo wamkulu akulondola kotheratu. Koma ngati katundu wa pa mlungu ndi makilo 250, pikapu ikungoyendetsa chitsulo chake chomwe ndi mphepo.

Amayi awo ndi amene anadula mkangano wa usiku umenewo, osati ndi nzeru za magalimoto, anangoti, "Inu mukukuwa chiyani, kope la maoda lija simukuliona? Werengani mmenemo." Anatengadi kope, n'kuyamba kusandutsa oda iliyonse kukhala makilo, shuga belo makilo 20, chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 pafupifupi makilo 19, mchere, sopo makatoni, fulawa, mabisiketi omwe amadya malo koma salemera. Zinapezeka kuti pa mlungu wamba katundu wochokera ku Limbe ankakwana makilo 550. Zakumwa sanaziwerenge chifukwa lole imatula pakhomo.

Makilo 550 ndi nambala yovuta, ili pakatikati. Kwa ka Vitz ndi maulendo awiri, makilomita 260, kuphatikizapo makilomita 100 oyenda mtauni muno, kubanki, kumsika waukulu, kukatula maoda ku Sadzi ndi ku Chikanda, zonse 360, pa makilomita 14 pa lita ndi malita 26. Pikapu ulendo umodzi ndi zamtauni zomwezo ndi makilomita 230, malita 24. Mwaona? Mkangano wa mafuta umene anatha nawo masabata unali wopanda wopambana, akusiyana malita awiri. Wamng'ono anapezapo potulukira, anati shuga ndi mchere, zomwe ndi zolemera koma phindu lake ndi lochepa, angamapikule konkuno ku mahoselo a mtauni olo zikwereko pang'ono, ku Limbe n'kumakatenga zopepuka zaphindu, ulendo ukhala umodzi ndipo malita atsika kufika 16. Wamkulu anangoti mmm.

Chomwe chimasiyanitsadi magalimoto awiriwa ndi tsiku lopita ku galaja. Sevisi ya ka Vitz ndi oyilo malita atatu ndi kanthu, fyuluta, nthawi zina mapulagi. Pikapu ya dizilo imamwa oyilo malita 6 kapena 7, ndipo oyilo wa dizilo amada msanga ndi mwaye kotero yakale imafuna kusinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse osazengereza, pali fyuluta ya dizilo yomwe imagwiranso madzi, batire ndi lalikulu chifukwa kuliza dizilo kumafuna mphamvu, matayala ndi a katundu, limodzi lokha mutha kugula awiri a kagalimoto. Zonsezi ndi zapakanthawi, munthu atha kuzikonzekera. Zoopsa ndi zimene zimabwera kamodzi.

Injini za dizilo za mapikapu amene amapezeka pa ndalama ngati zimenezi zilipo za mitundu iwiri ndipo ndi bwino kudziwa imene mukugula. Pali zakale, ngati 3L ndi 5L za Toyota kapena TD27 ya Nissan, za pampu wamba, zilibe makompyuta ambiri, zimakoka mwaulesi pa mtunda koma makaniko aliyense wodziwa ntchito amazitsegula ndipo zimapirirako mafuta okayikitsa. Ndiye pali zatsopanoko, zija amati D-4D pa Hilux, zomwe mafuta amapopedwa ndi mphamvu yoopsa kupita ku mainjekitala oyendetsedwa ndi kompyuta. Zimathamanga bwino, zimamwa pang'ono, koma mainjekitala ake safuna madzi, fumbi kapena dizilo wosakaniza ndi parafini. Tsono kumbukirani mmene zimakhalira mafuta akasowa, mizere pa filing'i kuyambira mbandakucha, munthu uli ndi oda yoti ukatenge, umapezeka wagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu osadziwa kuti muli chiyani. Kagalimoto ka petulo kakamwa zoipa nthawi zambiri kamatsokomola, mwasintha fyuluta ndi mapulagi, mwina kapampu ka mu thanki, kayenda. D-4D ikamwa zoipa mutha kugula mainjekitala anayi onse, ndalama yoti shopu ya ku Chinamwali imva kuwawa miyezi ingapo.

Ndipo pali chinthu china chimene wamkulu sankafuna kumva. Pikapu ya 18 miliyoni ndi ka Vitz ka 10 miliyoni si anzake pa msinkhu. Kagalimotoko kangotsika kumene, kadutsa pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, msonkho wa MRA unapepuka chifukwa umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo moyo wake wonse kayenda pa tala wa ku Japan. Pikapu yabwinobwino yazaka zochepa ndi ndalama zoposa apa kutalitali, ndiye imene yatsika kufika pa 18 ndi yoti yagwira ntchito m'dziko muno zaka zambiri, yasenza njerwa, mchenga wa mu Likangala, maliro, fodya, ndipo mwini wake sakuigulitsa chifukwa chakuti ikumusangalatsa kwambiri.

Anagwirizana kuti akaione limodzi ndi makaniko. Makanikoyo anachita chinthu chimene ndimachikonda, anakana nthawi ya masana imene mwini galimoto anapereka, anati tifika sikisi koloko m'mawa ndipo musailize. Dizilo yotopa imabisala ikatentha. Atafika anayamba wagwira injini ndi dzanja kuti aone ngati yaziziradi, kenako anayatsa kiyi kudikira mahita, kuliza, inazungulira nthawi yaitali isanagwire ndipo itagwira inatulutsa utsi woyera kenako wabuluu umene sunathe olo itatentha. Utsi wakuda pa dizilo yakale mukaponda kwambiri si wodabwitsa, kawirikawiri ndi fyuluta ya mpweya yatsekeka kapena mainjekitala ndi pampu zikufuna kutchuna. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo. Woyera wosatha injini itatentha, makamaka madzi a mu ledieta akamachepa, umaloza ku gasiketi kapena hedi yong'aluka. Kenako anamasula chotsekera pothirira oyilo injini ikulira n'kuchisiya pamwamba osamanga, chinayamba kuvina mpaka kugwa, utsi ukufuka pabowopo.

"Bwana, iyi ikupumira m'mimba," anatero kwa wamkulu. "Maring'i atha. Iyenda, koma ovaholo ili pafupi, ndipo lamba wa taiming'i palibe akudziwa kuti anasinthidwa liti."

Lamba ameneyo pa injini ngati 3L ndi 5L amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, akaduka injini ikuyenda mavavu amagundana ndi mapisitoni. Wamkulu anayesa kunena kuti titsitsa mtengo. Mwini wake anatsika kufika 17. Ndiye kuti pa 20 miliyoni patsala 3, muchotsepo kusintha umwini ku Road Traffic, inshulansi, COF, matayala awiri akumbuyo omwe anali ngati mutu wa mpala, ovaholo isanabwere n'komwe. Shopu ikanakhala ndi galimoto yonyamula tani koma yopanda ndalama yogulira tani ya katunduyo.

Apa ndi pamene wamng'ono anaponya mfundo yake yaikulu, ya mpamba. Kusiyana kwa 8 miliyoni, iye anati, ikalowa mu sitoko n'kumazungulira kamodzi pa mwezi pa phindu la 10 peresenti ndi K800,000 mwezi uliwonse, pikapu ingabweretse zimenezo? Masamu ake ndi okoma koma ine ndimawakayikira pang'ono, chifukwa amaganiza ngati makasitomala a ku Chinamwali achuluka tsiku limene mashelefu adzaze. Golosale ya m'dera ili ndi malire ake, sopo wowonjezera akhoza kungokhala. Komabe olo theka lokha litazungulira, ndi ndalama yeniyeni. Wamkulu anayankha kuti kwacha imagwa, tinaona mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti kenako 2023, pomwe pikapu imasunga mtengo, mawa ukaigulitsa supeza loss yaikulu. Zoonadi mapikapu sagwa mtengo msanga kuno. Koma shuga ndi mafuta ophikira a pa shelefu nawonso amakwera kwacha ikagwa, ndipo amagulitsika lero lomwe, pikapu yofuka utsi wabuluu mutha kukhala nayo miyezi mukudikira wogula amene sabwera ndi makaniko m'mawa.

Koma musaganize kuti wamkulu ankangofuna kuoneka bwana pa Hilux, ngakhale kakeko kanalipo. Mtima wake unali pa zokolola. Kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti iye amagula chimanga ku Jali ndi ku Mayaka, mpunga wa cha ku nyanja ya Chilwa, kenako nandolo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya matumba, si ya makatoni a mabisiketi. Mukachoka pa tala kulowa m'midzi misewu yake ndi ya mabampu ndi miyala, ka Vitz pansi pake ndi masentimita 14 kapena kuposera pang'ono kalibe katundu, mukaika matumba kamakhala pansi, sampu ndi ekizozi zimayamba kukwecha. Pikapu ili pamwamba, masentimita 20 kapena kuposa. Nyengo ya mvula ndiye musanene, ngakhale apa ndikumbutse kuti pikapu yokoka matayala akumbuyo okha ikakhala yopanda katundu imaterereka m'matope kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa kumbuyo kulibe cholemera chopondereza matayalawo.

"Ndiye chimanga changa ndizisenza pamutu?" anafunsa.

"Achimwene, chaka chatha munapitako kangati ndi hayala?"

Anawerenga, maulendo 12. Pa mtengo wa hayala wa nthawi imeneyo, tinene K120,000 ulendo, ndi K1,440,000 chaka chonse, ndipo mu ndalama imeneyo muli mafuta, dalaivala, matayala ndi kuwonongeka konse kwa galimoto ya mwini wake. Kangapo mwa maulendowo anali a lole ya matani atatu, yomwe pikapu ikanafunika kubwereza katatu. Kumanga 8 miliyoni ndi ovaholo pamwamba kuti upewe kulipira 1.4 miliyoni sizikutuluka. Zikanatuluka bwino maulendowo akanakhala 40 kapena 50 pa chaka, kapena shopu ikanakhala ya hadiweya yotula simenti ndi malata kwa makasitomala tsiku ndi tsiku. Pamenepo ka Vitz sikakanalowa n'komwe mu nkhani.

Wamkulu anali ndi khadi lomaliza, anati pikapu izidzilipira yokha, masiku opanda oda izipanga hayala ndi matola. Anthu ambiri amawerengera pamenepa ndipo pamawagwetsa. Hayala imafuna munthu woima pa siteji tsiku lonse kudikira kasitomala, ndiye mwina mmodzi wa awiriwo asiya shopu, kapena alemba dalaivala, yemwe ulendo wina sanena, dizilo amapopa, katundu amadzaza mopyola. Kunyamula anthu olipira pa galimoto yopanda chilolezo chake ndi kusewera ndi apolisi a thirafiki, ndipo ngozi ikachitika a inshulansi amayang'ana kuti galimotoyo inalembetsedwa ntchito yanji. Imeneyo ndi bizinesi ina yapayokha, si yoti uziichita ndi dzanja lamanzere uku ukugulitsa mchere.

Makaniko uja anayesa kuwalozera pakati, kuti bwanji Probox, yomwe ndi ya petulo koma inapangidwira katundu makilo 400 pa anthu awiri, kapena ka Hijet kapena Vanette ya bodi. Kwa ine imeneyo inali nzeru yabwino kuposa zonse ziwiri, koma apa nkhani inali itasanduka yoti wapambana ndani, wamkulu anati Probox ndi ya mataxi, wamng'ono anati ya pa mtengo wawo sanaipeze.

Anagula ka Vitz. Wamkulu anavomera ndi mfundo ziwiri, kuti 2 miliyoni iikidwe padera ya hayala ya nthawi yokolola wina asaikhudze, komanso kuti chimanga chikayenda bwino zaka ziwiri nkhani ya pikapu ibwererenso patebulo. Wamng'ono naye anaika lamulo lake, matumba 6 basi, zolemera zikhale kutsogolo pafupi ndi mipando osati kumapeto kwa buti, matayala apopedwe mokwanira ulendo wa katundu usanayambe.

Lamulolo linakhala miyezi iwiri. Litayandikira Khirisimasi maoda anachuluka, ulendo wachiwiri wa ku Limbe unkaoneka ngati kutaya tsiku, ndiye anayamba kukwezamo makilo 500, ndipo wokweza kwambiri anali wamng'ono yemweyo. Kagalimoto kolemedwa kamadziulula kokha, kumbuyo kumatsika mpaka tayala kukhudza bodi pa bampu, usiku nyali zimaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu, chiwongolero chimapepuka chifukwa kutsogolo kwanyamuka, buleki imatalika. Pofika Febuluwale mashoko akumbuyo anali akudontha oyilo, tayala limodzi linatupa m'mbali litagunda dzenje cha ku Namadzi, ndipo pokwera mitunda giya bokosi inayamba kulira injini ikukuwa koma liwiro osakwera. Timagalimoto tambiri ta ku Japan ta zaka zimenezi tili ndi giya bokosi ya lamba, ija ya CVT, yomwe imadana ndi kutentha kwa katundu wolemera ndipo imafuna oyilo wakewake, mukathira wa otomatiki wamba mwaipha. Anachita mwayi, atasintha oyilo woyenera ndi kuchepetsa katundu kulirako kunachepa, koma makaniko anawauza kuti ikadzafa sakonza, n'kugula ina yathunthu.

Mashoko awiri, tayala ndi oyiloyo zonse pamodzi sizinafike olo kotala ya mtengo wa ovaholo ija, ndipo wamng'ono amaikumbutsa nambala imeneyi nthawi iliyonse. Wamkulu amakumbutsa yake, kuti mu Meyi hayala imene anapangana nayo sinabwere ndipo matumba 30 a chimanga chotchipa ku Mayaka anagulidwa ndi vendala wina amene anafika ndi galimoto yakeyake. Pano shuga akupikula mtauni, ku Limbe akupita Lachiwiri lokha, ndipo wamkulu wayamba kope lina lolembamo ulendo uliwonse wa hayala ndi uliwonse umene waphonya, akuti akafika 40 pa chaka akufuna 5L, osati D-4D.